Yoyamba ndi Mlatho

Pa Nkando palibe amene anganene kuti a Bonface Nihero ndi munthu wosavuta. Ngakhale akabaza, amene amaseka ndi aliyense, akamadutsa pa vidiyo sho yawo amangokweza dzanja n'kupalasa mwamsanga. Ndi bambo wamfupi, wamapewa otakata, nkhope yokhala ngati angoluma ndimu. Anabadwira m'nyumba za pa esiteti ya tiyi, makolo awo atabwera kuchokera ku Mozambiki, ndipo nawonso anathyola tiyi mpaka msana unakana dengu. Atasiya anagula TV ya chimsana ndi deki ya matepi, n'kumanga chisakasa cha nsungwi ndi mapulasitiki akuda kuseri kwa msika. Matepi anatha, kunabwera madisiki. Madisiki anatha, kunabwera flashi. Anthu anayamba kuonera mafilimu m'mafoni, mabenchi n'kuyamba kuchepa anthu. Chimene sichinasinthe ndi mkwiyo wa mwini wake.

Eni vidiyo sho ena amangoika filimu n'kupita kukasewera bawo. A Bonface ayi. Mpando wawo unkakhala pambali pa TV, utayang'ana anthu. Filimu ankaidziwa kale, chimene ankaonera iwo ndi nkhope za oonera. Ndipo munthu akafika pakhomo, funso linali limodzi.

"Yoyamba munaonera?"

"Ayi bambo, koma ndingotsatira pomwepo."

"Tulukani. Muno si m'minibasi moti mungokwerera panjira."

Ukali wonsewu unkafika pachimake pa mafilimu asanu akunja amene anthu a pa Nkando amangowatchula kuti za Mlatho. Mayina ake enieni palibe amawasamala. Dije amene anawamasulira m'Chichewa anawapatsa mayina ake, anthu a m'filimumo anawapatsanso mayina ake, basi zinakhazikika choncho.

Yoyamba kutuluka inali Mlatho. Mtsikana wina, Mayamiko, makolo ake anagwera mumtsinje munthu wina atadula zingwe za mlatho. Anamulera ndi mkulu wosula zitsulo, wotsimphina, wamtima wabwino, amene dije anamutcha Chinyundo. Filimu yonse Mayamiko akusaka wodula mlatho, Chinyundo akumuphunzitsa, kumuphikira, kumupukuta misozi. Yachiwiri kutuluka inali Tsidya. M'menemo mtsikanayo amawoloka, n'kufufuza, ndipo kumapeto kwenikweni amapeza kuti mpeni umene unadula zingwe ndi wa Chinyundo, ndipo dzanja linali lake lomwe. Yachitatu, Phulusa, imatseka nkhani: Mayamiko amabwerera kwawo kukaonana ndi womulera uja.

Opanga mafilimuwo ataona kuti anthu awakonda, anabwerera m'mbuyo. Anatulutsa Nyundo, yoonetsa Chinyundo ali mnyamata, mwendo usanapunduke. Imeneyi sibisa kanthu, chifukwa anaipangira anthu odziwa kale. Isanapite patali mnyamatayo wadula zingwe, kenako nkhani n'kubwerera kufotokoza chifukwa chake: asilikali ankabwera kudzaotcha mudzi, ndipo iye sanadziwe kuti pamlatho pali anthu. Pomaliza anatulutsa Wabwato, ya nthabwala, yotsata mkulu wopalasa bwato amene mu Mlatho amangooneka pang'ono. Zochitika zake zili pakati pa Mlatho ndi Tsidya, koma imayamba wabwatoyo atakalamba, atakhala pamanda ena, akusimba zakale.

Tsono anyamata obena mafilimu m'madisiki ndi m'maflashi pamsika, anthu osaopa Mulungu, amaika manambala motsata nkhani. Nyundo amailemba pati wani, Mlatho thu, Wabwato fili, Tsidya folo, Phulusa faifi. A Bonface akaona zimenezi magazi ankawira. Dongosolo lawo linali lina, ndipo silinali ngakhale la mmene mafilimuwo anatulukira. Ankayamba ndi Mlatho, kuti anthu amukonde Chinyundo ngati bambo wawo. Kenako Tsidya, kuti awabaye. Bala likadali laliwisi, anthu akutukwana, ankaika Nyundo, kuti amene amatukwana aja asowe chonena. Akatero m'pamene ankaika Phulusa, munthu aliyense mtima uli pawiri, kufuna kuti mkuluyo afe n'kufunanso kuti apulumuke. Wabwato inkabwera pomaliza, yotsukira mkamwa.

Ndipo panali kamphindi kamodzi kamene ankakhalira moyo. Kumapeto kwa Tsidya, Mayamiko akatembenuza mpeni n'kuona chizindikiro cha nyundo pachigwiriro, m'chisakasa monse munkangoti zii. Anyamata aphokoso, oledzera, amayi a makanda, onse kukamwa yasa. Pamalo amenewo a Bonface ankazula waya wa sipika ya panja, kuti odutsa asamve. Munthu amene moyo wake wonse kapitawo ankamukalipira m'munda wa tiyi, pa kamphindi kameneko ankamva ngati mitima yonse ili m'dzanja lake.

Nkhope imodzi yokha ndi imene anali asanaionepo itatero, ya akazi awo a Alefa. Kuyambira tsiku limene chisakasa chinamangidwa, mayiwa ankakhala panja pansi pa sipika, akugulitsa zitumbuwa ndi chinangwa chophika. Kulowa, ng'o. Ankati ndi zabodza, anthu akuluakulu kumalirira munthu wa m'galasi. Phokoso la sipika kwa iwo linali ngati la chigayo, lolowera khutu ili n'kutulukira linalo. A Bonface ankayankha kuti munthu wosaonera filimu ndi chitsa, koma mumtima zinkawawawa. Ntchito ya moyo wawo wonse, mkazi wawo ankaiona ngati masewera a ana.

Lamulungu lina masana, m'nyengo ya nandolo, chiperoni chinatsika kuchokera kuphiri ndi kamvula kake kozizira. A Alefa analowetsa beseni m'chisakasa kuti zitumbuwa zisanyowe, n'kukhala pabenchi yakumapeto atafunda chitenje. Mlatho inali itangoyamba. Kamvula kanasiya, koma mayi aja sanatuluke. A Bonface anawaona akusendera kutsogolo, akugwira pakamwa, akupukusa mutu. Filimu itatha anthu n'kutuluka, iwo anatsala.

"Bambo ake a Estele, mkulu wotsimphina uja akuyenda ngati malemu bambo anga."

"Eya."

"Munthu wabwino bwanji, kulera mwana wa eni ake chonchija. Nanga wodula mlathoyo amupeza?"

A Bonface anayang'ana kumbali kuti chimwemwe chisaoneke. "Zili mu yachiwiri."

"Pakati pa sabata ayi, ndili ndi malonda. Mudzandiikire Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Koma wina asandiuze, mwamva?"

Kuchokera pamenepo nkhani inali imodzi yokha: a Alefa afike Lamulungu osadziwa. Vuto linali loti makutu awo anali atatseguka. Dzina la Chinyundo likangomveka paliponse, ankatembenuka.

Ndipo tsidya la msewu kunali mkamwini.

Spencer, mwamuna wa mwana wawo Estele, anali mnyamata wosalala pakamwa, wa nsapato zoyera ngakhale m'matope. Atangokwatira anauza apongozi ake kuti TV ya chimsana yatha ntchito, agule yopyapyala, aike sola, mabenchi awaike motsamira. A Bonface anamufunsa ngati anabwera pamudzi kudzakwatira kapena kudzalamula. Spencer anangochita lendi kachipinda moyang'anana nawo, n'kuika zonse zija ananenazo, kuphatikizapo chisipika chachikulu ngati mbiya ya mowa. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo moni wa awiriwa unali wa mano okha.

Lolemba m'mawa a Bonface anaona bolodi la mkamwini litalembedwa ndi choko: za Mlatho zonse, kuyambira mawa, imodzi patsiku, pati wani Nyundo. Anawoloka msewu osayang'ana n'komwe galimoto.

"Iwe, wafuna kuyamba ndi Nyundo?"

"Mwadzuka bwanji bambo? Ee, ndi mmene nkhani imayendera."

"Nkhani imayendera! Amene anapanga anayamba ndi Mlatho. Iwe ndiwe wanzeru kuposa eni ake?"

"Nanga inuyo mumatsata eni ake? Si mumaika Nyundo pakati, pomwe iwo anaitulutsa Phulusa itatuluka kale?" Spencer anali akupukuta sikirini, osawayang'ana. "Kwanu kuja anthu amasokonezeka, bambo. Dzulo munthu anali nkhalamba yotsimphina, lero ndi mnyamata akuthamanga, nkhope inanso. Amafunsana kuti ameneyu ndi mwana wake kapena ndani. Kuno ayamba poyambira, amalizira pothera. Komanso munthu akadziwa kuti anadula ndi Chinyundo, Mlatho imakoma mwina. Akamamupukuta misozi mwana uja, iwe m'mimba mukutentha chifukwa ukudziwa."

Mawu amenewa anali ndi nzeru, n'chifukwa chake anawapsetsa mtima kwambiri.

"Kukoma kumeneko n'kwa munthu wobwereza! Woyamba kumene umamubera. Tsidya yonse imasanduka kudikira chinthu chimene akudziwa kale. Ndiponso Nyundo ndi yatsopano, zithunzi zowala. Ukachoka apo n'kuika Mlatho, anthu aziti TV yafa. Nanga Wabwato? Ukuiika pachitatu, pomwe imayambira pamanda, dzina la womwalira lili poonekera pamtanda. Anthu ako adziwa mathero a Phulusa Lachinayi!"

Spencer anasiya kupukuta. Anaganiza pang'ono, kenako anamwetulira.

"Apo mwanena zoona. Poyambira pakepo ndidzangodumphitsa ndi rimoti. Zikomo bambo, mwandithandiza."

A Bonface anali atabwera kudzagwetsa dongosolo la mkamwini, m'malo mwake analikonza ndi manja awo. Chimene anafunika kunena chinali chachifupi: apongozi ako aakazi ayamba kuonera, tsitsa sipika sabata ino. Spencer akanatsitsa, poti a Alefa ankawalemekeza. Koma kupempha mkamwini? Kumuuza kuti pali chinthu chimene mtima wawo ukuchifuna? Bola kumeza khasu.

"Chisipika chakocho utsitse," anatero.

"Msika ndi wa tonse, bambo."

Madzulo a tsiku lomwelo a Bonface anakumbuka mwadzidzidzi kuti alamu awo a ku Thuchila, mng'ono wa a Alefa, ali okha ndi munda wa nandolo. Anayankhula za chibale mokoma mpaka mkazi wawo anawayang'ana mokayika, poti chikwatiranireni anali asanawamvepo akudera nkhawa mlamu ameneyo. Komabe Lachiwiri m'mamawa a Alefa anakwera minibasi kukathandiza kuthyola nandolo, atagwirizana kuti abwera Lamulungu.

Anachita bwino kuwachotsa. Tsiku lomwelo chisipika chija chinayamba kufuula, mawu a dije akumveka mpaka kwa ogulitsa nanazi: "Wadulatu Chinyundo! Wadula mlatho mwana woipa iwe!" Spencer anaibwereza filimuyo mpaka dzuwa kupendeka. Anthu amene a Bonface anali atawaonetsa Mlatho, amene ankawasungira Tsidya ngati mbewu, anamva zonse ali pamzere wa chigayo. Lachitatu ena anabwera kudzawaseka.

"Madala, chinsinsi chanu chija chili pa sipika kutsidyaku."

Lachisanu a Bonface anaika Tsidya monga mwa masiku onse. Mayamiko atatembenuza mpeni, iwo anazula waya wa panja mwachizolowezi n'kuyang'ana anthu. Wina ankasenda nzimbe. Wina anati, "Tinadziwa kale ife," anzake n'kuseka. Kamphindi kaja kanali katafa. A Bonface anatseka msanga, ndipo pobwerera kunyumba anakankha galu wa eni ake amene sanalakwe kanthu.

Loweruka linali la Phulusa. Msika unadzaza, ndipo kwa Spencer anthu anachita kukhala ndi pansi pomwe, ena kusuzumira pawindo. Sabata yonse anali atayenda ndi Chinyundo kuyambira unyamata wake, tsopano ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: Mayamiko amupha kapena amukhululukira? Ena anali atabetcherana. Kwa a Bonface kunali mabenchi okhaokha ndi nkhuku imodzi.

Anakhala pampando wawo akumvetsera nyimbo yoyambira filimu ikuchokera kutsidya. Anaganiza za nsapato zoyera zija, za "zikomo bambo, mwandithandiza," za mnyamata wosenda nzimbe. Kenako anadzuka. Anatsitsa sipika yawo pamtengo, n'kuikoka mpaka pamene waya anathera, m'mphepete mwa msewu, n'kuilozetsa pakhomo la mkamwini. Analowa, anaika Phulusa, anaithamangitsa mpaka kumapeto, anakweza voliyumu mpaka pothera. Munthu yemwe uja amene zaka zonsezi ankazula waya kuti odutsa asamve.

Mawu a dije anang'amba msika wonse.

"Wamukhululukira! Mayamiko wataya mpeni! Koma taonani, mkulu uja wadziponya yekha mumtsinje! Chinyundo, iwe amene unadula mlatho, iwe amene unapha makolo a mwana n'kumulera wekha, wapita lero! Wafa Chinyundo, abale, wafa!"

Anabwezera m'mbuyo n'kuikanso. Kutsidya kunabuka chiphokoso. Anthu anatuluka akutukwana, wina anaponya chitsononkho, obetcherana anayamba kukokana malaya. Spencer anaima pakhomo pake manja ali m'chiuno, nsapato zitapondedwapondedwa.

"Bambo, mwachita manyazi! Munthu wamkulu ngati inu!"

"Msika ndi wa tonse!" a Bonface anakuwa, akuseka chiseko chimene anthu a pa Nkando anali asanachimvepo. Kunena zoona, zinawakomera. Zinawakomera kwambiri.

Anatembenuka kuti akabwezerenso kachitatu. Pambali pa sipika panali pataima a Alefa, thumba la nandolo lili pamutu, fumbi la minibasi likadali kumapazi.

Dije yekha ndiye ankapitiriza kulira maliro a Chinyundo, mpaka a Bonface anawerama n'kuzula waya.

"Mayi ake a Estele, si munati Lamulungu?"

"Ndinati Lamulungu." Anatula thumba pang'onopang'ono. "Koma kumunda kuja mtima sumakhazikika. Ndimangoganiza za mwana uja, kuti wodula mlathoyo amupeza kapena ayi. Ndiye ndinati ndipite, mwina bambo akandiikira lero lomwe."

Kenako a Alefa anafunsa:

"Ndiye ndi mkulu wotsimphina uja?"

"Pali chifukwa chake. Mukaonera Nyundo mumvetsa, sanadziwe kuti..."

"Wafanso?"

A Alefa anayang'ana sipika ili m'fumbi, anayang'ana tsidya la msewu kumene mkamwini wawo ankakangana ndi anthu, kenako anayang'ana mwamuna wawo.

"Ndinati wina asandiuze. Ndimaopa anyamata a pamsika," anatero, n'kusenzanso thumba lawo.

Mawa lake ataweruka kutchalitchi, a Bonface anasesa m'chisakasa, ntchito imene anali asanaigwirepo ndi manja awo. Anabweza anthu onse pakhomo. Benchi yakutsogolo anaiyala chitenje. Sankakhulupirira kuti mayi aja abwera, koma anabwera, poti ndi munthu wosunga mawu ake. Anabwera ndi lichero la nandolo n'kuliika pamiyendo.

Tsidya inayamba. A Bonface anakhala pampando wawo uja, atayang'ana nkhope imodzi yokhayo. Mayamiko anawoloka mtsinje, anafunsa m'midzi, anamenyana ndi achifwamba. A Alefa ankasenda nandolo, nthawi zina n'kukweza maso, n'kubwereranso m'lichero. Chinyundo akaoneka sankasenderanso kutsogolo. Ankangoti, "Hmm."

Inafika nthawi ija. Nyimbo inatsika, mtsikana anatola mpeni, anautembenuza. Dzanja la a Bonface linapita lokha pa waya wa panja, ngakhale panja panalibe womubisira. Anayang'ana mkazi wawo, akupempha mumtima kuti mwina kukamwa kuyasame pang'ono chabe, mwina dzanja liime.

A Alefa anali atapeza kambozi m'khoko la nandolo. Anakachotsa ndi chala, anakataya pansi, n'kutola khoko lina.

Mayina atayamba kukwera pa sikirini, anakung'untha makoko pachitenje n'kuimirira.

"Yatha?"

"Yatha. Lamulungu likubwerali ndi Nyundo."

"Muziikira anthu ena, bambo ake a Estele. Ine nkhani yake ndinaimva kale, munandiuza bwinobwino."

Anatuluka ndi lichero lawo. Lolemba anakhalanso pamalo awo akale pansi pa sipika, akugulitsa zitumbuwa, msana atalozetsa kukhomo.

Vidiyo sho ya a Bonface ikadalipo kuseri kwa msika, TV ya chimsana yomwe ija. Mukapita kukafunsa za Mlatho, adzakuuzani dongosolo lawo mwaukali womwe uja, ndipo mukawatsutsa adzakutulutsani. Dongosololo ndi labwinodi, ngakhale odana nawo amavomera. Koma mpando wawo anautembenuza. Masiku ano umayang'ana TV.